Kalata yodziteteza makina akati nkhani si yako

Tiyerekeze kuti mtsikana wa chaka chachiwiri payunivesite watha masabata atatu akulemba nkhani ya mawu 2,000 yokhudza ulimi wothirira. Ataipereka, aphunzitsi ake akumuuza kuti pulogalamu ya Turnitin yasonyeza kuti magawo 38 pa 100 a nkhaniyo analembedwa ndi makina onga ChatGPT. Iye akudziwa kuti analemba yekha. Nanga m'kalata yodandaula alembemo chiyani kuti amveke?

Asanagwire cholembera, adziwe kaye chimene nambalayo ikunena. Munthu akagwidwa kuti wakopera, pulogalamu imaloza buku kapena tsamba limene mawuwo achokera, ndipo aliyense angathe kufananitsa ziwirizo. Koma pa mlandu wa makina palibe choloza. Pulogalamu imangoona ngati mawu akutsatizana m'njira yosavuta kuilosera, chifukwa umu ndi mmene makina amalembera. Choncho 38 ija ndi kuganizira chabe.

Apa ndi pamene ife ophunzira Chingelezi m'kalasi timapwetekera. Timakonda mawu amene tikuwadziwa bwino ndi ziganizo zimene tinaphunzitsidwa kuti n'zolondola, ndipo kalembedwe kotere nkosavuta kukalosera. Mu 2023 akatswiri a pa Yunivesite ya Stanford anapereka kwa mapulogalamu 7 nkhani 91 za mayeso a TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingelezi si chilankhulo chawo. Mapulogalamuwo ananamizira nkhani pafupifupi 61 pa 100 kuti n'za makina, pamene za ana asukulu a ku Amereka sanazilakwitse kwenikweni. Chaka chomwecho Yunivesite ya Vanderbilt inazimitsa chipangizo cha Turnitin chofufuzira zolemba za makina. Inawerengera kuti ngakhale chitamalakwa kamodzi kokha pa 100, mwa nkhani 75,000 zimene zinaperekedwa mu 2022, zokwana 750 zikanaimbidwa mlandu wabodza.

Mfundo zimenezi zilowe m'kalata, koma m'ziganizo ziwiri zokha. Zimangosonyeza kuti pulogalamu imalakwa. Sizisonyeza kuti yalakwa pa iyeyo. Mphamvu ya kalata ili pa mapazi amene ntchito inasiya.

Atapereka ulemu ndi kutchula phunziro, mutu wa nkhani ndi tsiku limene anaipereka, mtsikanayo anene mosazungulira kuti: "Aphunzitsi, nkhaniyi ndinalemba ndekha, ndipo ndikupempha kuti muone mmene ndinailembera." Kenako aonetse njirayo. Ngati analembera mu Google Docs, atsegule File, asankhe Version history, kenako See version history. Pamenepo pamaoneka tsiku ndi nthawi ya kusintha kulikonse: ndime yoyamba ikubadwa Lolemba usiku, ikufufutidwa Lachitatu, ikubweranso itasintha. Mu Word mbiri yotere imapezeka ngati ntchito inkasungidwa pa OneDrive. Aphatikizepo zithunzi za kope lake la manotsi ndi masamba a mabuku amene anawerenga.

Apemphenso lipoti lonse, chifukwa limaika mtundu pa ziganizo zimene pulogalamu ikukayikira. Tinene kuti yakayikira ndime yofotokoza tanthauzo la ulimi wothirira ndi ndime yomaliza. Iye afotokoze kuti tanthauzolo anatsatira manotsi a m'kalasi, ndipo ndime yomaliza inangobwereza mfundo zimene anali atanena kale. Ndime zoterezi zimatuluka zosalala ngakhale kwa munthu wolemba ndi dzanja.

Umboniwu uli ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwatchula yekha asanafunsidwe. Ngati magetsi atazima ankalembera pafoni, kenako n'kumata mawu 600 nthawi imodzi, mbiri idzaonetsa chimulu cha mawu chongotulukira, chofanana ndi cha munthu wokopera. Aonetse foniyo ndi tsiku limene analemba. Ngati anagwiritsa ntchito Grammarly kukonza ziganizo, anene, ndipo atchule pamene anakonza. Chobisika chikaululika pambuyo pake chimawononga ngakhale zoona zimene ananena. Asayerekezenso kusintha nkhaniyo kapena kuidutsitsa m'mapulogalamu osintha mawu kuti nambala itsike, chifukwa akatero wadzifufutira yekha mapazi.

Kalata ithe ndi pempho limodzi lomveka: kuti aphunzitsi amupatse mphindi 15, amufunse chilichonse cha m'nkhaniyo maso ndi maso. Chifukwa chiyani anasankha buku ili, osati lina? Mfundo ya m'ndime yachinayi anaitenga kuti? Wolemba yekha amakumbukira ngakhale chimene anachotsa ndi chifukwa chake. Zikakanika, malamulo a sukulu onena za apilo awawerenge msanga, poti kawirikawiri masiku odandaulira amakhala owerengeka. Koma aphunzitsi akamva mwana akufotokoza ndime imene inamuvuta usiku wonse, amakhala apeza chimene pulogalamu singawapatse.