Manambala atatu osonyeza pamene malonda a pa intaneti akutsimphina

Katundu woikidwa pa msika wa pa intaneti, monga eBay, amadutsa makomo atatu asanagulidwe: aonekere kwa ofufuza, wina adine kuti atsegule tsamba lake, kenako alipire. Khomo lililonse lili ndi nambala yake, ndipo wogulitsa amaipeza pa tsamba la ziwerengero.

Nambala yoyamba, Impressions, imanena kuti katunduyo waonetsedwa kangati pamndandanda. Ikakhala yochepa, vuto limakhala m'mawu a pamutu kapena m'gulu limene katundu waikidwamo, chifukwa anthu sakumupeza n'komwe. Yachiwiri, Click-through rate, ndi chiwerengero cha odina pa maulendo 100 alionse amene katundu waonekera. Ikatsika, ndiye kuti zimene wogula amaona asanatsegule, chithunzi choyamba, mutu ndi mtengo, sizikumukopa. Yachitatu, Conversion rate, ndi chiwerengero cha ogula pa anthu 100 alionse otsegula tsamba. Ikatsika, cholakwika chili m'kati: ndalama yotumizira yokwera, miyeso yosalembedwa, kapena kufotokoza kosiyana ndi chithunzi.

Chitsanzo chongoyerekeza ndi cha wogulitsa zitenje zitatu pa masiku 30. Chitenje chofiira chaonekera ka 300, chadinidwa ka 9, ndipo sichinagulidwe. Chobiriwira chaonekera ka 8,000, chadinidwa ka 40, ndipo ogula ndi 2. Chachikasu chaonekera ka 5,000, chadinidwa ka 150, koma wogula ndi mmodzi yekha.

Chofiira chikudinidwa bwino, 3 pa 100 alionse. Kusagulidwa kwake sikunena kanthu, chifukwa anthu 9 ndi ochepa kwambiri kuti munthu aweruzirepo. Chikungofunika mawu amene ogula amalemba pofufuza. Chachikasu nacho chikudinidwa 3 pa 100, koma ofika akubwerera chimanjamanja, choncho tsamba lake ndi lofunika kuunika. Chobiriwira chikugulidwa bwino, 5 pa 100, koma wodina ndi mmodzi pa maulendo 200.

Choyamba kukonza ndi chimene chingabweze malonda ambiri. Chobiriwira chitafika pa 3 pa 100 ngati zinzake, otsegula angakhale 240 ndipo ogula pafupifupi 12, kutanthauza 10 oonjezera. Chachikasu chitamagulidwa pa 5 pa 100, ogula angafike 7 kapena 8 basi. Motero chithunzi cha chobiriwira ndicho choyambira, ndipo ntchito yake ndi yaing'ono: kujambulanso powala bwino, maluwa a nsalu akuoneka.

Kuwerengaku kuli ndi malire. Odina akachuluka, si onse amene amagula ngati oyamba aja, ndipo malonda olipira amakweza Impressions n'kutsitsa mlingo wa odina. Muyezo wodalirika ndi katundu wofanana wa wogulitsa yemweyo pa nyengo imodzi. Wogulitsa asinthe chinthu chimodzi chokha, alembe tsiku, ndipo adikire masabata angapo asanayerekeze. Akasintha chithunzi, mutu ndi mtengo tsiku limodzi, sangadziwe chimene chathandiza.