Mizere iwiri, mayankho 12: mmene kompyuta imabwerezera ntchito

Aliyense amene anadutsa ku pulayimale amakumbukira tsamba la kumbuyo kwa kope, lija lodzaza manambala ochulukitsa kuyambira 1 mpaka 12. Ana amawaloweza mokuwa m'kalasi, ndipo tebulo la 7 ndi la 8 ndi amene amakhetsa thukuta ambiri. Tebulo lomweli ndi limene aphunzitsi a mapulogalamu a kompyuta amakonda kuyambira akafuna kuonetsa chida chotchedwa lupu, chomwe ndi lamulo louza kompyuta kuti ichite ntchito imodzi mobwerezabwereza mpaka pamene yauzidwa kuti ilekere.

Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Mu tebulo la 7 muli mizere 12, koma yonse ndi yofanana kamangidwe. Nambala 7 sisintha, chizindikiro chochulukitsa sichisintha. Chimene chimasintha ndi nambala yachiwiri yokha, ndipo yankho limangoitsatira. Munthu wosadziwa lupu angalembe malamulo 12, limodzi pa mzere uliwonse, ndipo pulogalamu yake ingagwire ntchito ndithu. Koma mawa wina akapempha tebulo la 9, ayenera kukonza mizere yonse 12 pamanja, ndipo pokonzapo m'pamene dzanja limaterereka.

Mu Python, chiyankhulo cha mapulogalamu chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991, tebulo lonse limakwana mizere iwiri:

```python
for i in range(1, 13):
    print(7, "x", i, "=", 7 * i)
```

Mzere woyamba ndi mutu wa lupu. Chilembo `i` ndi dzina la malo amene kompyuta imasungapo nambala imene yafika, ndipo `range(1, 13)` ndiye amapereka manambalawo, imodziimodzi. Mzere wachiwiri ndi ntchito yobwerezedwa. Unalowa mkati ndi mipata inayi, ndipo kulowako si kukongoletsa ayi: ndi mmene Python imadziwira kuti mzerewu ndi wa m'lupu. Kanyenyezi `*` ndiye chizindikiro chochulukitsa, pamene `"x"` wa m'kati mwa timikodolero ndi chilembo chongolembedwa pa sikirini kuti wowerenga amve.

Tsono chimachitika n'chiyani munthu akadina batani? Kompyuta imatenga 1, n'kumuika mu `i`, n'kutsikira pa mzere wachiwiri, n'kulemba `7 x 1 = 7`. Kenako imabwerera kumutu. Imatenga 2, ndipo 1 uja amafufutika m'malo mwake, n'kulemba `7 x 2 = 14`. Imatero mpaka pa `7 x 12 = 84`. Ikabwereranso kumutu n'kupeza kuti manambala atha, imatuluka m'lupu n'kupitiriza ndi zimene zili m'munsi. Ndi momwe mlimi amabzalira chimanga: kukumba phando, kuponya mbewu, kukwirira, kusuntha phazi, ndipo dzanja limachita zomwezo mpaka mzere utatha. Chimene mlimi amaona ndi maso, chakuti mzere wathera apa, kompyuta iyenera kuuzidwa ndi wolemba pulogalamu.

Pothera pomwepa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera. Wowerenga watcheru wadabwa kale kuti tebulo lothera pa 12 likutchuliranji 13. Yankho ndi lakuti `range` imayambira pa nambala yoyamba koma imaima isanakhudze yachiwiri. Wolemba `range(1, 12)` amapeza mizere 11, wotsiriza n'kukhala `7 x 11 = 77`. Wolemba `range(12)` amapeza mizere 12 ndithu, koma yoyambira pa `7 x 0 = 0`, chifukwa Python ikapanda kuuzidwa poyambira imayambira pa ziro. M'zonsezi kompyuta sidandaula. Palibe uthenga wofiira umene umabwera, pulogalamu imatha bwinobwino, ndipo mayankho onse olembedwawo ndi oona. Chosowa ndi mzere umodzi basi.

N'chifukwa chake anthu odziwa ntchitoyi sataya nthawi kuyang'ana pakati pa zimene lupu yatulutsa. Amayang'ana mzere woyamba, amayang'ana wotsiriza, kenako amawerenga kuti mizere ilipo ingati. Pa tebulo la mwana kusowa mzere umodzi ndi nkhani yaing'ono, koma lupu yomweyo ikamawerengetsa malipiro a antchito 300, amene wasiyidwayo ndi munthu amene sadzalandira pa mwezi.

Kuti pulogalamuyi ithandize pa tebulo lililonse, nambala 7 iyenera kuchotsedwa, wogwiritsa ntchito azisankha yekha:

```python
n = int(input("Lembani nambala: "))
for i in range(1, 13):
    print(n, "x", i, "=", n * i)
```

Apa pali mawu ang'onoang'ono ofunika kuwasamala, `int`. Chilichonse chimene munthu walemba pa kiyibodi, Python imachilandira ngati zilembo, osati ngati nambala yowerengetsera. `int` ndiye amasandutsa chilembo 7 kukhala nambala 7. Akaiwalika, pulogalamu siima, koma imatulutsa zodabwitsa: `7 x 2 = 77`, `7 x 3 = 777`, ndipo mzere wotsiriza umakhala ndi ma 7 okwana 12 ondondozana. Python imamva kuti yauzidwa kulemba chilembocho kawiri, katatu, kanayi. Wophunzira akaona manambala akutalika ngati masitepe m'malo mokula, adziwe kuti vuto silili mu lupu koma pa mzere wolandira nambala.

Lupu ya `for` imayenera pamene wolemba akudziwiratu kuti ntchito ichitika kangati. Pali inanso, ya `while`, imene imapitiriza malinga ngati mfundo ina ikadali yoona. Imeneyi imagwiritsidwa ntchito, mwachitsanzo, pofunsa munthu nambala yachinsinsi mpaka alembe yolondola. Tebulo lomwe lija likhoza kulembedwa nayo, ndipo ubwino wake ndi wakuti imaonetsa poyera zimene `for` imabisa:

```python
i = 1
while i <= 12:
    print(7, "x", i, "=", 7 * i)
    i = i + 1
```

Mzere woyamba ukunena poyambira. Wachiwiri ukufunsa ngati `i` sanapitirire 12. Wotsiriza ukuwonjezera 1 pa `i`, ndipo ndi umenewu umene umayendetsa lupu kupita kumathero ake. Wina akauiwala, `i` amakhala 1 mpaka kalekale, funso lija limayankhidwa kuti inde nthawi zonse, ndipo sikirini imadzaza ndi `7 x 1 = 7` wosatha. Pamenepo palibe chifukwa chozimitsira kompyuta. Kudina `Ctrl+C` kumaimitsa pulogalamu, ndipo Python imalemba `KeyboardInterrupt` posonyeza kuti yadulidwa ndi munthu.

Wina asaganize kuti lupu yosatha ndi vuto la oyamba kumene okha. Pa 31 Disembala 2008, tizipangizo tomvetsera nyimbo totchedwa Zune, mtundu wa 30GB, ta kampani ya Microsoft, tinangouma tsiku limodzi m'manja mwa eni ake. Chinayambitsa ndi lupu ya `while` imene inkawerengetsa chaka kuchokera pa chiwerengero cha masiku. Lupuyo inauzidwa kupitiriza ngati masiku otsala aposa 365, ndipo pa chaka chokhala ndi 29 Febuluwale inkachotsa masiku pokhapokha ngati aposa 366. Chaka cha 2008 chinali chotere, ndipo 31 Disembala linali tsiku la nambala 366 ndendende. Nambalayi inali yokwanira kuti lupu ipitirire, koma yosakwanira kuti china chichotsedwe, choncho palibe chinasintha ndipo lupu inangozungulira pamodzimodzi. Kampaniyo inalangiza anthu kuti asiye batire lithe, adikire tsiku lotsatira, kenako atchajenso. Pa 1 Januwale tizipangizoto tinadzuka. Cholakwikacho ndi cha mtundu umodzi ndi cha `range(1, 12)`: wolemba sanayese nambala ya pamalire penipeni.

Tebulo limodzi likatheka, mtima umafuna tsamba lonse la kumbuyo kwa kope lija. Apa lupu imodzi imaikidwa m'kati mwa inzake:

```python
for a in range(1, 13):
    for b in range(1, 13):
        print(a * b, end="\t")
    print()
```

Lupu yakunja imatenga `a` kukhala 1, kenako imadikira yamkati kuti iyendetse `b` kuchoka pa 1 mpaka 12. Yamkati ikamaliza m'pamene `a` amasuntha kufika pa 2, ndipo `b` amayambiranso pa 1. Mawu akuti `end="\t"` amauza Python kuti isatsike mzere ikalemba yankho, koma isiye mpata n'kupitiriza chammbali. Kutsika mzere ndi ntchito ya `print()` wopanda kanthu uja, ndipo malo ake ndi ofunika kwambiri. Ali pa mipata inayi, kutanthauza kuti ndi wa lupu yakunja, motero amagwira ntchito ka 12, kamodzi pamapeto pa mzere uliwonse. Akalowetsedwa mpaka mipata isanu ndi itatu amakhala wa lupu yamkati, ndipo manambala onse amatsika pansi mumzere umodzi wautali. Akatulutsidwa kunja kotheratu, mayankho onse amathithikana osatsika mzere mpaka kumapeto.

Mayankhowo ndi 144, chifukwa lupu zikalowana ntchito imachulukitsidwa, siphatikizidwa. Pa 12 izi sizimveka kulemera. Koma tebulo la 1,000 uku ndi 1,000 uku ndi masamu 1,000,000, ndipo kuonjezera lupu yachitatu ya kukula komweko kumafikitsa pa 1,000,000,000. Pulogalamu ikayamba kuchedwa modabwitsa, akatswiri amafufuza kaye lupu zokhala m'kati mwa zinzake.

Kuti matebulo a masamu akhale chitsanzo choyamba n'koyenera ngakhale pa mbiri. Charles Babbage wa ku England anayamba kuganiza za makina owerengetsera m'zaka za m'ma 1820 chifukwa chotopa ndi zolakwika za m'matebulo osindikizidwa, amene ankawerengetsedwa ndi anthu pamanja ndipo oyendetsa sitima zapamadzi ankawadalira. Mu 1843 Ada Lovelace anasindikiza ndondomeko ya masamu yoti idzayende pa makina ena a Babbage, ndipo m'ndondomekomo munali gawo lobwerezedwa, ngakhale makinawo sanamangidwe.

Wofuna kuyesa yekha safunika zambiri. Python ndi yaulere, ndipo ikaikidwa pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Ayambe ndi mizere iwiri ya tebulo la 7, kenako asinthe mutu wake kukhala `range(12, 0, -1)`, pomwe nambala yachitatu ikunena kuti lupu iziyenda chobwerera m'mbuyo. Asanadine batani, alembe pa pepala mzere umene akuganiza kuti ukhala woyamba ndi umene ukhale wotsiriza. Akapeza `7 x 12 = 84` pamwamba ndi `7 x 1 = 7` pansi, ndiye kuti wamvetsa pamene `range` imaimira.