Zenera Kumanzere, Nyale Kumanja

Kalipentala wina amene amandikhomera mipando anafuna kuonetsa kasitomala mmene bedi la mlombwa lidzaonekere likadzalowa m'chipinda. Analemba mawu ochepa mu pulogalamu yopanga zithunzi pa foni, kuti akufuna chipinda chogona chokongola, chowala bwino. Chithunzi chinabwera, bedi lilimo, koma chipinda chonse chinali mbee ngati wodi ya kuchipatala. Panalibe mthunzi ngakhale pansi pa bedi.

Vuto silinali bedi. Mapulogalamu onga Midjourney ndi Stable Diffusion, amene anthu wamba anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2022, ukawauza kuti "chowala bwino" amangothira kuwala paliponse. Amafuna uwauze kumene kuwalako kukuchokera, mtundu wake, ndiponso kuti pa zenera ndi nyale wamkulu ndani.

Nkhani ya ukuluyi ndiye mutu. Masana nyale ya pambali pa bedi singapikisane ndi dzuwa. Aliyense amene anaiwalapo kuzimitsa babu kukacha amadziwa kuti limangooneka ngati kadontho kachikasu. Choncho ngati mukufuna zonse ziwiri zioneke, sankhani nthawi imene kunja kwayamba kufooka, m'mamawa kapena chakumadzulo, kapena tsiku la mitambo. Zenera likhale lounikira chipinda chonse, nyale ingotenthetsa ngodya yake. Ndi bwinonso kuziika mbali zosiyana, kuti mitundu iwiriyo isasakanikirane n'kukhala matope.

Mitunduyo ili ndi manambala ake, omwenso amalembedwa pa mabokosi a mababu m'sitolo. Babu lachikasu, lofanana ndi mababu akale aja otentha, limakhala 2700K. Dzuwa la masana lili cha m'ma 5500K, ndipo kukachita mitambo limafika 6500K kapena kupitirira, n'kuoneka lobiriwira ngati thambo. Nambala ikamatsika, kuwala kumafiira. Koma musanyengeke: pulogalamuyi siwerengetsera manambalawa ngati injiniya. Imangokumbukira zithunzi zimene zinkayenda ndi mawu oterowo, n'chifukwa chake nambala iziyenda limodzi ndi mawu ofotokoza mtundu.

Tinalembanso chonchi, m'Chingerezi poti ndi chimene mapulogalamuwa amamva bwino:

```
small bedroom, dark wooden bed, late afternoon,
soft cool daylight from one window on the left through a sheer white curtain,
one bedside lamp on the right, warm 2700K, small pool of light on the wall,
soft shadows, far corner dim --ar 3:2
```

Mzere wachiwiri ukunena za zenera limodzi kumanzere, lotchingidwa ndi katani yoyera yopyapyala. Kataniyo si yokongoletsa chabe. Mthunzi umafewa pamene chounikira chili chachikulu poyerekeza ndi chinthu chimene chikuunikidwa. Dzuwa likalowa mwachindunji limakhala ngati kadontho kamodzi, ndipo limadula mthunzi wakuthwa ngati mpeni. Likadutsa pa katani, nsalu yonseyo imasanduka chounikira, m'mphepete mwa mthunzi n'kumazimiririka pang'onopang'ono. Neti ya udzudzu yoyera imachitako zomwezo pa mapilo, ngakhale kuti mapulogalamuwa amakonda kuisandutsa nsalu ya paukwati. Mzere wachitatu ukuuza nyale kuti isapyole malire: kachigawo kakang'ono ka khoma basi. Wotsiriza ukupempha kuti ngodya yakutali ikhale ndi kamdima, ndipo `--ar 3:2` ndi lamulo la Midjourney loti chithunzi chikhale chotambalala.

Chithunzi choyamba chinatuluka bwinoko, koma chachikasu chonse, mapilo omwe, ngati chipinda chapsa. Mawu oti `warm` ali ndi khalidwe lotayikira paliponse. Tinawonjezera `white sheets stay white near the window`, kutanthauza kuti nsalu za pafupi ndi zenera zikhalebe zoyera, ndipo mitundu iwiri ija inalekana.

Poweruza chithunzi, ine ndimayamba kuyang'ana pansi. Zenera lili kumanzere, ndiye mthunzi wa miyendo ya bedi ugwere kumanja. Ukagwera chakuzenera, ndiye kuti pulogalamu yabisa chounikira china chimene simunapemphe. Kenako ndimayang'ana nyale. Nthawi zambiri imayaka yokha ngati mwezi, khoma la kumbuyo kwake ndi tebulo la pansi pake zili zii, osalandirako kanthu. Nyale yoteroyo ndi yabodza, ndipo diso la kasitomala limazindikira ngakhale pakamwa pasanene.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo sungani nambala imodzimodzi ya `--seed` kuti chipinda chisasinthe kwambiri, muone chimene mawu anu atsopano achita. Mukasintha katani, nyale ndi nthawi pakamodzi, chithunzi chikakoma simudzadziwa kuti chakometsa n'chiti. Ife chathu chinakhala bwino pa ulendo wachinayi, titangochotsa nyale yachiwiri imene pulogalamu inadziikira yokha padenga, polemba `--no ceiling light`.