Namondwe Wabwera Mabuku Atatsekedwa Kale

Makampani ambiri m'Malawi amatseka mabuku awo pa 31 Disembala, koma maodita, anthu ofufuza ngati mabukuwo akunena zoona, amasaina lipoti lawo patapita miyezi ingapo. M'Malichi 2023, ntchitoyi ili m'kati, namondwe wa Freddy anasakaza Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Kodi kampani yomwe katundu wake anapita ndi madzi inayenera kutsegulanso mabuku a 2022?

Ayi. Lamulo la akauntanti lotchedwa IAS 10 limafunsa funso limodzi: kodi vutoli linalipo kale tsiku lotseka mabuku? Pa 31 Disembala katunduyo anali bwinobwino m'nyumba yosungiramo, ndiye manambala a 2022 sakhudzidwa. Ngati chiwonongekocho ndi chachikulu, kampani imangochifotokoza m'mawu apansi pa manambalawo, n'kuyerekeza ndalama zomwe yataya.

Nkhani ya ngongole ndi ina. Tiyerekeze kuti kampani yogulitsa feteleza inakongoza wamalonda wina katundu wa K40 miliyoni, ndipo m'Febuluwale khoti lalengeza kuti bizinesi yake yagwa. Bizinesi siigwa usiku umodzi. Odita akaona kuti mkuluyu anasiya kulipira mu Seputembala ndipo macheke ake ankabwezedwa kubanki, amadziwa kuti ngongoleyo inavunda kale chaka chisanathe, khoti langovundukula. Ngati pali chiyembekezo chotolera K10 miliyoni yokha, K30 miliyoni iyenera kuchotsedwa pa phindu la chaka chomwe chatsekedwacho. Apa ndi pomwe mabwana amakonda kukokana ndi odita, poti ndani amasangalala phindu likamaphwa atalonjeza kale eni masheya?

Zoterezi sizibwera zokha patebulo pa odita. Lamulo la ntchito yake, ISA 560, limamutuma kuzisaka mpaka tsiku losaina. Amawerenga zomwe bodi inakambirana chaka chitatha, amayang'ana masitetimenti a kubanki a Januwale ndi Febuluwale kuti aone angongole omwe alipira, amafunsa za milandu yomwe ili kukhoti, ndipo mabwana amamulembera kalata yotsimikiza kuti sanabise kanthu. Akakana kukonza manambala olakwika kwambiri, odita amanena poyera mu lipoti lake kuti mabukuwo ali ndi chilema.

Namondwe naye amatha kusintha mabuku, koma pokhapokha atagwetseratu kampani moti palibe kuchitira mwina koma kuitseka. Zikatero mabuku sangalembedwenso ngati a bizinesi yopitirira, ngakhale tsokalo linagwa chaka chitatha.

Akasaina, odita sakakamizidwanso kusakasaka. Koma akamva nkhani yomwe akanaidziwa tsiku losainalo ikanasintha lipoti lake, amabwerera kwa mabwana, ndipo mabuku akakonzedwa amawafufuzanso mpaka tsiku latsopano n'kusaina lipoti lina.