Chenjezo la wapampando: onani chithunzi musanatumize ndalama

Pamisonkhano ya mabungwe a ochita malonda, nkhani ya ziphaso ndi ya msonkho wa pamsika ikatha, wapampando amaimirira ndi mutu umene umakhalitsa chete aliyense: katundu wachinyengo. Chenjezo lake limagwera makamaka ogulitsa mafoni ndi zipangizo zake, amene masiku ano sakweranso basi kupita ku Kariakoo ku Dar es Salaam, koma amaoda katundu pa WhatsApp. Munthu ali pa shopu yake ku Limbe kapena ku Mzuzu, amaona chithunzi, n'kutumiza ndalama. Mfundo ya wapampando ndi yakuti chithunzi chomwecho chikhoza kupulumutsa mpamba, ngati wooda akudziwa chithunzi choyenera kupempha.

Choyamba chimene amatsindika n'chakuti chithunzi chosalala, chopanda mthunzi ndi fumbi, sichitsimikizira kanthu, chifukwa aliyense angachitenge pa intaneti. Wooda auze wogulitsa kuti alembe papepala, ndi dzanja, dzina la woodayo ndi tsiku la lero, aike pepalalo pambali pa katundu, kenako ajambule. Amene alidi ndi katunduyo sachedwa nazo. Amene ayamba kuzemba, kunena kuti katundu ali kutali kapena kuti nthawi palibe, wadziulula yekha.

Chachiwiri, chimene wapampando amakhalitsapo, ndi nambala ya IMEI. Foni iliyonse yeniyeni ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15, ndipo yolowa masimu khadi awiri imakhala ndi nambala ziwiri. Nambalayi imalembedwa pa kapepala komatidwa pa bokosi, komanso imaoneka pa foni munthu akaimba `*#06#`.

Tiyerekeze kuti mwaoda mafoni 20 a mtundu umodzi. Pemphani chithunzi chimodzi choonetsa mabokosi asanu ataunjikidwa, timapepala tawo tikuwerengeka bwino. Manambala 8 oyambirira amasonyeza kampani ndi mtundu wa foni, choncho si zodabwitsa akafanana. Koma 7 otsalawo ayenera kusiyana pa bokosi lililonse. Mabokosi awiri akakhala ndi nambala yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, timapepalato ndi tokopera, ndipo malonda athere pomwepo. Mukakhutira, sankhani nokha bokosi limodzi, mwachitsanzo lachitatu kuchokera pamwamba, mumuuze wogulitsa atsegule, ayatse foniyo, aimbe `*#06#`, n'kuijambula ili pambali pa bokosi lake. Nambala ya pa foni ndi ya pa bokosi zifanane ndendende. Kusankha nokha n'kofunika, chifukwa wachinyengo amasunga foni imodzi yeniyeni yojambulitsa.

Chachitatu ndi sikelo. Pawa banki imasunga moto m'mabatire, ndipo mabatire amalemera. Yeniyeni yolembedwa 10,000 mAh imalemera pafupifupi magalamu 200, choncho ya 50,000 mAh iyenera kuyandikira kilogalamu. Pemphani chithunzi cha pawa bankiyo ili pa sikelo, manambala akuoneka. Kakang'ono kolowa m'thumba la malaya koma kolembedwa 50,000 mAh ndi kabodza. Pachithunzi chomwecho kulitsani zilembo ndi zala, muone ngati dzina la kampani lalembedwa molondola. Opanga zachinyengo amasintha chilembo chimodzi, podziwa kuti diso lothamanga silichigwira.

Wapampando wanzeru sabisa malire a njirazi. Chithunzi sichionetsa za m'kati. Ena amaika mchenga m'pawa banki kuti ilemere, ndipo nambala ya IMEI ikhoza kubedwa pa foni yeniyeni n'kulowetsedwa mu yachinyengo. Zithunzi zimagwira wakuba waulesi, osati katswiri. N'chifukwa chake amalangiza kuti kwa wogulitsa wachilendo muyambe ndi katundu wochepa, mumuyese akafika, ndipo musunge zithunzi, mauthenga ndi malisiti. Umenewo ndiwo umboni wopita nawo kupolisi, ku Malawi Bureau of Standards kapena ku Competition and Fair Trading Commission.

Chimene chimapangitsa kuti chenjezoli lilemere n'chakuti foni ikafa patatha sabata, kasitomala sapita ku Dar es Salaam kukadandaula. Amabwera pa shopu imene anagula, ndipo mbiri yoipa imafalikira mzere wonse wa mashopu, kuipitsa ndi osalakwa omwe.

Inu amene mumaoda katundu pafoni, kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Musanatumize ndalama, pemphani zithunzi zitatuzi: cha pepala la dzina ndi tsiku, cha nambala ya foni pambali pa bokosi, ndi cha sikelo. Wogulitsa akakana ngakhale chimodzi, kaodeni kwina.