Ambiri Adina, Koma Aonera Mpaka Pati?

Vidiyo iliyonse ya pa YouTube imafika kwa anthu ndi zinthu zinayi zoidziwitsa: mutu, chithunzi cha pachikuto, mawu ofotokoza za m'katimo, ndi timawu tolozera timene mwini wake amalemba pamalo otchedwa Tags. Zonsezi pamodzi zimatchedwa metadeta. Pa zinayizi, zimene zimagwira ntchito yaikulu ndi mutu ndi chithunzi, chifukwa ndi zomwe munthu amayamba kuona asanasankhe kutsegula vidiyo kapena kuipitirira. Eni ake a YouTube amanena kuti timawu tolozera tija sitithandiza kwenikweni, kupatula pamene dzina la chinthu anthu amalilemba molakwika kawirikawiri. Ntchito ya mutu ndi chithunzi ndi kuitana anthu amene vidiyoyo inapangidwira. Pofuna kudziwa ngati oitanidwawo ndi oyenera, pamafunika kuyang'ana ziwerengero ziwiri nthawi imodzi: kuchuluka kwa odina ndi kutalika kwa nthawi imene aonera.

Zimene ziwerengero ziwirizi zimayeza

Mwini tchanelo amazipeza mu YouTube Studio, pagawo la Analytics. Akatsegula vidiyo imodzi n'kupita pa Reach, amaona Impressions, kutanthauza maulendo amene chithunzi cha vidiyoyo chaonetsedwa kwa anthu. Ulendo umawerengedwa ngati theka la chithunzicho kapena kuposerapo laoneka kwa nthawi yopitirira sekondi imodzi. Pambali pake pali Impressions click-through rate, chiwerengero chosonyeza kuti pa maulendo 100 alionse amene chithunzicho chaoneka, ndi kangati pamene munthu wadina. Chithunzi chikaoneka maulendo 10,000 ndipo anthu n'kudina maulendo 400, ndiye kuti mlingo wa odina ndi 4 peresenti. YouTube imati theka la matchanelo ndi mavidiyo onse limapeza pakati pa 2 ndi 10 peresenti.

Chiwerengero chachiwiri chili pa Engagement. Pamenepo pali Watch time, yomwe ndi nthawi yonse imene anthu athera pa vidiyoyo akaiphatikiza, ndi Average view duration, yomwe ndi nthawi imene woonera mmodzi amakhalapo tikagawa mofanana.

Mlingo wa odina umangonena za mphamvu ya lonjezo limene mutu ndi chithunzi zapereka. Munthu amadina asanaone kanthu, choncho kudinako sikunena chilichonse za vidiyo yeniyeniyo. Nthawi yoonera ndiyo imaulula ngati lonjezolo lakwaniritsidwa. Zili ngati chikwangwani cha pamalo odyera cholembedwa kuti pali chambo: chimalowetsa anthu ambiri, koma akapeza kuti mumphika muli usipa wokhawokha, amatuluka asanakhale n'komwe pansi.

YouTube yeniyeniyo inaphunzira zimenezi kalekale. M'chaka cha 2012 inasintha kasankhidwe ka mavidiyo oonetsa anthu, n'kuyamba kuika patsogolo nthawi yoonera m'malo mwa kuchuluka kwa odina. Mu 2016, akatswiri a kampani ya Google, yomwe ndi mwini wa YouTube, anafotokoza chifukwa chake poyera: kusanja mavidiyo potengera odina okha kumakweza mavidiyo onyenga amene anthu samawamaliza.

Chitsanzo cha vidiyo ya manyowa

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaulimi wajambula vidiyo ya mphindi 10 yophunzitsa kapangidwe ka manyowa a Mbeya, amene amapangidwa posakaniza ndowe, gaga wa chimanga, phulusa, madzi ndi feteleza wogula pang'ono, n'kuzimanga m'thumba kwa masiku 21. Ziwerengero zotsatirazi ndi zongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino.

Poyamba mutu wake ndi wakuti "Kapangidwe ka manyowa a Mbeya", ndipo pachithunzi pali thumba lomanga. Chithunzicho chaoneka maulendo 10,000, odina ndi 4 peresenti, ndiye kuti oonera ndi 400. Aliyense wakhalapo mphindi zisanu, zomwe zikupereka mphindi 2,000 zonse pamodzi.

Ataona kuti 4 peresenti ndi yochepa, mlangiziyo akusintha mutu kukhala "Feteleza waulere! Osadzagulanso", ndipo pachithunzi akuika munthu ataponya manja m'mwamba. Pa maulendo ena 10,000, odina akwera kufika pa 9 peresenti, oonera 900. Koma nthawi imene aliyense akukhalapo yatsika kufika pa mphindi imodzi ndi theka. Tikachulukitsa 900 ndi mphindi imodzi ndi theka, tipeza mphindi 1,350. Oonera achuluka kuposa kawiri, pomwe nthawi yoonera yachepa ndi mphindi 650.

Chachitika n'choonekeratu. Mutu wachiwiri waitana aliyense wofuna chinthu chaulere, ngakhale amene alibe khola kapena munda. Mlimi weniweni nayenso, atangomva kuti feteleza wogula akufunikabe, wazindikira kuti anamunamiza, ndipo wachoka. Vidiyo sinasinthe ngakhale pang'ono. Chasintha ndi mtundu wa anthu amene afika.

Tsono mlangiziyo ayesa mutu wachitatu: "Feteleza wachepa? Onjezerani ndi manyowa a Mbeya", pachithunzi pali manja akusakaniza gaga ndi phulusa. Mutuwu ukutchula vuto limene mlimi ali nalo, ndipo sukulonjeza chimene vidiyoyo ilibe. Odina ndi 6 peresenti, oonera 600, aliyense mphindi zinayi ndi theka, zonse pamodzi mphindi 2,700. Pa mitu itatuyi, wopambana ndi wachitatu, ngakhale kuti odina ake ndi ochepa poyerekeza ndi wachiwiri.

Muyeso wabwino ndi umenewu: kuchulukitsa oonera ndi nthawi imene aliyense wakhalapo, pa maulendo ofanana amene chithunzi chaoneka. Pagawo la Reach pali chojambula chotchedwa Impressions and how they led to watch time, chimene chimaonetsa masitepe onsewa motsatana, kuyambira pa kuoneka kwa chithunzi mpaka pa nthawi yoonera imene yachokera pamenepo.

Kuwerenga ziwirizi pamodzi

Odina akachuluka koma nthawi yoonera n'kukhala yaifupi, kawirikawiri mutu kapena chithunzi chalonjeza zimene mulibe, kapena chakopa anthu amene nkhaniyo siikuwakhudza. Odina akachepa koma ochepawo n'kumaonera nthawi yaitali, vidiyoyo ndi yabwino, ndipo chofunika kukonza ndi chikuto chokha: mwina mutu ndi wozizira, mwina zilembo za pachithunzi siziwerengeka pa foni yaing'ono. Zonse ziwiri zikakwera, metadeta yagwira ntchito yake ndipo ndi bwino kuisiya momwemo. Zonse ziwiri zikatsika, vuto lapitirira mutu: nkhaniyo siikukoka anthu amene akuionetsedwa, kapena vidiyoyo sinapangidwe bwino.

Komabe si nthawi zonse pamene nthawi yaifupi yoonera imachokera ku mutu. Chothandiza kusiyanitsa ndi mzere wosonyeza anthu otsala pa mphindi iliyonse ya vidiyo, umene uli pansi pa Key moments for audience retention. YouTube imaonetsanso peresenti ya amene akadali kuonera pakatha masekondi 30 oyambirira. Mzerewo ukagwa mwadzidzidzi m'masekondi amenewa, ndiye kuti anthu apeza zosiyana ndi zimene amayembekezera, kapena lonjezo lachedwa kufika chifukwa cha malonje aatali ndi nyimbo zotsegulira. Ukagwa pamene mlangizi uja watchula feteleza wogula, wolakwa ndi mutu wakuti "waulere". Koma ukamatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto, kapena kugwa pamalo pamene mphepo yasokoneza mawu, anthu amene anabwera anali oyenera, ndipo chofunika kukonza ndi kajambulidwe.

Misampha yofunika kuipewa

Msampha woyamba ndi kuiwala komwe oonera achokera. Munthu amene walemba yekha kuti "manyowa a Mbeya" posakasaka amadziwa chimene akufuna, choncho amadina msanga. Amene wangoiona vidiyoyo patsamba loyamba la YouTube ali pakati pa zina zambiri, ndipo sadinadina. N'chifukwa chake ziwerengero za YouTube search ziyenera kuonedwa padera ndi za Browse features komanso za Suggested videos. Pa Advanced mode munthu amatha kuona odina ndi nthawi yoonera ya njira iliyonse payokha. Vidiyo ikhoza kumachita bwino kwa osakasaka koma n'kumakopa anthu olakwika patsamba loyamba.

Wachiwiri ndi kuda nkhawa pamene mlingo wa odina watsika. M'masiku oyamba vidiyo imaonetsedwa kwambiri kwa anthu amene amaikonda kale tchaneloyo, ndipo iwo amadina mosanyinyirika. YouTube ikayamba kuifikitsa kwa anthu achilendo, peresenti imatsika ngakhale kuti oonera akuchuluka. Ngati nthawi yoonera ya munthu mmodzi sinagwe, kutsikako ndi chizindikiro chakuti vidiyo ikufalikira, ndipo kusintha mutu pa nthawi imeneyi kungawononge chinthu chimene chikuyenda bwino.

Wachitatu ukukhudza kwambiri amene amafalitsa mavidiyo awo kudzera m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook. Oonera obwera kudzera pa ulalo wotumizidwa amalembedwa pansi pa External, ndipo salowa m'chiwerengero cha Impressions. Vidiyo imene oonera ake ambiri abwera mwa njira imeneyi imakhala ndi mlingo wa odina wongonena za kagulu kochepa. Komanso ena mwa iwo amatsegula pongolemekeza amene watumiza, n'kutseka msanga posunga bandulo, zomwe zimatsitsa nthawi yoonera popanda mutu kulakwa.

Wotsiriza ndi kuweruza ziwerengero zikadali zochepa. Pa maulendo 200, anthu anayi okha owonjezera amakweza mlingo ndi 2 peresenti. Ndi bwino kudikira kuti maulendo achuluke, kenako kuyerekeza vidiyo ndi zinzake za pa tchanelo yomweyo, zofanana kutalika ndi nkhani.

Kuyesa mosasokoneza

Wofuna kudziwa chimene chathandiza asinthe chinthu chimodzi pa nthawi, mutu wokha kapena chithunzi chokha, alembe tsiku limene wasintha, ndipo ayerekeze masiku ofanana kuchuluka. Ngakhale atatero, anthu a sabata ino sangafanane ndendende ndi a sabata yatha. Pothana ndi zimenezi, mu 2024 YouTube inafikitsa kwa eni matchanelo ambiri chida chotchedwa Test & compare, chimene chimalola kuika zithunzi za pachikuto mpaka zitatu, n'kumazionetsa kwa anthu osiyanasiyana pa nthawi imodzimodzi. Posankha chopambana, chidachi sichiyang'ana chithunzi chimene chadinidwa kwambiri. Chimasankha chimene chabweretsa gawo lalikulu la nthawi yoonera. Mwini tchanelo aliyense ayenera kuyeza mitu ndi zithunzi zake ndi muyeso womwewo.