Zovala za nsungwi ndi bulugamu: zimasiyana bwanji ndi thonje?

Pa milu ya kaunjika m'misika ya Namitete, Nsaru, Mpingu ndi Nambuma pamapezeka madiresi ndi malaya ofewa, ozizirira pakhungu, amene ogula ambiri amawayesa thonje. Koma kachikalata kosokeredwa m'khosi kapena m'mbali mwa chovalacho nthawi zambiri kamatchula visikosi, modali, layoselo kapena nsungwi.

Nsalu zimenezi zimachokera ku mitengo. Ulusi wa thonje ndi selulozi, chinthu chomwenso chimalimbitsa thunthu la mtengo. Thonje la ku Chikwawa kapena Balaka limatuluka m'munda lili kale ulusi, pamene selulozi wa mu mtengo amayenera kusungunulidwa ndi mankhwala mpaka akhale ngati uchi, kenako amakanikizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono kuti aume ngati ulusi. Bulugamu, mtengo umene alimi a fodya a kwa Kabudula amaudziwa bwino, ndi umodzi mwa mitengo yofunika pa ntchitoyi. Fakitale ya Saiccor ya kampani ya Sappi, ku Umkomaas m'dziko la South Africa, imapanga phala la bulugamu logulitsa kwa opanga ulusi kunja.

Njira yakale ndi ya visikosi, imene akatswiri atatu a ku Mangalande, Cross, Bevan ndi Beadle, adaitulukira mu 1892. Imagwiritsa ntchito soda woyaka ndi kaboni dayisalufaidi, mankhwala owononga mitsempha ya ogwira ntchito ngati fakitale ilibe chisamaliro. Chovala chofewa cholembedwa nsungwi kawirikawiri ndi visikosi yemweyu, kungoti phala lake lidachokera ku nsungwi. Zoti chimapha tizilombo chifukwa ndi cha nsungwi ndi chinenero cha malonda, pakuti za chilengedwe cha nsungwi zimathera m'mankhwalamo. Mu 2022 masitolo a Walmart ndi Kohl's ku Amereka adalipitsidwa chindapusa cha madola 5.5 miliyoni onse pamodzi chifukwa chogulitsa nsalu zotere ngati nsungwi zenizeni. Modali ndi visikosi wokonzedwa kuti azilimba akanyowa. Layoselo ndiye wam'ng'ono pa onse: adayamba kupangidwa mochuluka mu 1992 ndi dzina la malonda la Tencel, ndipo mankhwala ake osungunulira amabwezedwa pafupifupi onse n'kugwiranso ntchito.

Kwa munthu wa ku Nsaru, nkhani yagona pa kuchapa. Thonje likanyowa limalimba kuposa mmene linalili louma, n'chifukwa chake chitenje cha thonje chimapirira kumenyetsedwa pamwala ndi kufinyidwa mwamphamvu. Visikosi amachita zosiyana: akanyowa amataya pafupifupi theka la mphamvu zake. Diresi la visikosi likanyikidwa m'madzi limalemera ndi kuuma thupi ngati pepala lonyowa. Likapotokoledwa pofinya, kenako n'kukolekedwa pachingwe madzi akuchucha, kulemera kwa madziwo kumalikoka mpaka mpendero kupendekeka, ndipo misoko imayamba kuyasama. Limathanso kufupika pochapa koyamba. Mwini wake amati adagula chovala chotha, chikhalirecho chawonongekera m'beseni.

Chovala chotere chimafuna madzi ozizira, sopo wochepa, kuchitikita pang'ono ndi manja, kuchipsinja popanda kupotokola, ndi kuchiyanika chogoneka pamthunzi. Simbi yamakala isatenthe ngati ya thonje, ndipo ndi bwino kusita chakunsi. Modali amapirira kuchapa kawirikawiri, n'chifukwa chake amapezeka kwambiri m'zovala zamkati ndi masikipa. Layoselo ndi wolimba koposa anzakewa, koma ali ndi vuto lake: akakhuzidwa ali wonyowa amatuluka tiubweya toyera, ndipo nsalu yakuda imaoneka ngati yagwera fumbi m'mapindiro. Kumeneko si kusuluka kwa utoto, ndi ulusi umene wang'ambika pamwamba.

Nanga kachikalata kakadulidwa kapena kufufutika, monga zimakhalira pa kaunjika? Munthu asolole ulusi umodzi wautali m'kati mwa msoko, aunyowetse pakati pokha, kenako aukoke mbali zonse ziwiri. Ukaduka pamalo ponyowa, n'kutheka kwambiri kuti ndi visikosi. Wa thonje umadukira pouma. Chenjezo n'lakuti ulusiwo ukhale wa nsaluyo, osati wosokera, umene nthawi zambiri umakhala wa poliyesita. Moto wa machesi suthandiza kusiyanitsa thonje ndi visikosi, pakuti onse amayaka ndi fungo la pepala n'kusiya phulusa lopepuka. Umangoulula poliyesita, amene amasungunuka n'kusiya kampira kolimba.

M'nyengo yotentha ya Okutobala, visikosi ndi anzake amayamwa thukuta kuposa thonje ndipo sakanda khungu, ngakhale amachedwa kuuma. Koma pa yunifomu ya mwana wasukulu, kapena malaya opita nawo kumunda ndi kuchigafa, ochapidwa pamwala sabata iliyonse, thonje kapena thonje losakaniza ndi poliyesita ndilo limakhalitsa.